Mwana wa Folomu 4 sanalembedwepo ntchito: za banki mkhonde, za kutchalitchi ndi za kumsasa zilowe bwanji pa CV?

NaPhiri wa ku Bangwe:
Moni nonse. Ndili ndi mng'ono wanga kumudzi ku Mulanje, analemba MSCE mu 2023 pa sekondale yoyendera, anakhoza ndi mapointi 28 ndipo masamu anapeza 4. Kuyunivesite sanasankhidwe. Pano kwatuluka mwayi pa shopu ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a mbewu, akufuna kalaliki wolandira ndalama ndi kulemba katundu. Alemba kuti amene anagwirapo ntchito ya ndalama kapena ya mabuku adzaganiziridwa koyamba. CV yomwe anamutayipira pamsika ili ndi dzina, tsiku lobadwa ndi sukulu basi, ndipo pansi pa `Work Experience` pangolembedwa kuti palibe.

Komatu mwanayu sangokhala. Kuyambira Febuluwale 2024 ndi mlembi wa banki mkhonde ya amayi a m'mudzi mwathu. Kusukulu anali pulifekiti wa laibulale. Amaphunzitsa Sande sukulu, amayimba kwaya, ndipo nthawi ya namondwe wa Freddy anathandiza kumsasa womwe unali pa pulayimale ya kwathu. Kodi zimenezi zimalembedwa? Ngati zimalembedwa, zimakhala pati ndipo azilembe bwanji kuti asaoneke ngati akungodzaza pepala?

Achimwene a ku Kawale:
Zimalembedwa achemwali, ndipo alembe zonse osasiya ngakhale chimodzi. Kwaya, Sande sukulu, kumsasa, makalabu onse a kusukulu. CV ya tsamba limodzi imaoneka yosauka, afikitse masamba atatu. Komanso asalembe kuti mlembi, dzina limenelo ndi lopepuka. Alembe kuti akauntanti wa gulu, poti ntchito yake ndi yomweyo. Za kumsasa alembe kuti anagwira ndi a Red Cross.

Bambo Mbewe:
Achimwene mwalondola pa chinthu chimodzi: mawu akuti palibe aja achoke lero lomwe. Koma pa zinazo mumupweteketsa mwanayu.

Mayi NaPhiri, yambani mwaganizira munthu amene adzawerenge. Ali ndi mulu wa makalata patebulo, pafupifupi onse ndi a ana a Folomu 4, onse ali ndi MSCE, onse alemba kuti ndi olimbikira ntchito ndi oopa Mulungu. Funso lomwe lili m'mutu mwake ndi limodzi: ndani mwa awa amene ndingamusiyire ndalama za tsiku ndi buku la katundu, madzulo zinthu n'kugwirizana? Pa zinthu zisanu zomwe mwatchula, banki mkhonde ikuyankha funso limeneli mwachindunji. Laibulale ikuyankhako, chifukwa kulemba mabuku otuluka ndi obwerera n'chimodzimodzi kulemba matumba otuluka ndi otsala. Kumsasa kukuyankhako ngati anali ndi ntchito yolemba. Sande sukulu ndi kwaya sizikuyankha, choncho zingotenga mzere umodzi kumapeto. Akadakhala kuti akufunsira ntchito pa sukulu ya mkaka, bwenzi Sande sukulu ili pamwamba ndipo banki mkhonde ili pansi. Ndiye kuti CV imodzi siyokwanira ntchito zonse, imasinthidwa malinga ndi komwe ikupita.

Kaikidwe kake: pamwamba dzina ndi nambala ya foni, kenako maphunziro poti ndi chomwe wangomaliza, ndipo magiredi a masamu ndi Chingerezi aonekere. Kenako mutu wakuti `Volunteer and Leadership Experience`. Musaike zimenezi pansi pa `Hobbies`, chifukwa kumeneko owerenga ambiri safikako, ndipo kuika ulembi wa banki mkhonde limodzi ndi kuonera mpira n'kuupeputsa. Musaikenso pansi pa `Work Experience` popanda kunena kuti inali yongodzipereka, chifukwa akadzafunsa malipiro omwe ankalandira mwanayu adzayamba kuchita chibwibwi pa chinthu chomwe sichinali cholakwika.

Udindo uliwonse ulembedwe ngati mmene ntchito yolipidwa imalembedwera. Dzina la udindo monga mmene eni gulu amautchulira, dzina la gulu ndi komwe lili, mwezi ndi chaka chomwe anayamba ndi chomwe anasiya, kenako mizere iwiri kapena itatu yonena zomwe manja ake ankachita, ndi manambala. Mawu amene amapha CV za ana a sukulu ndi awa: ndinathandiza, ndinali membala, ndinatenga nawo mbali. Amene ankasesa ndi amene ankatsogolera onse angathe kulemba mawu amenewa, choncho sauza wowerenga kalikonse.

Tsamba limodzi likwana. Masamba atatu a munthu wa zaka 19 kapena 20 amasonyeza kuti sadziwa kusankha.

NaPhiri wa ku Bangwe:
Zikomo bambo. Ndamuimbira, akuti gululo lili ndi amayi 22, amakumana Lachinayi lililonse, sheya imodzi ndi K1,000. Chaka chatha anagawana K3,168,000 mu Disembala. Ndiye alembe kuti ankasunga ndalama zokwana mamiliyoni atatu?

Mayi a Tadala:
Ayi achemwali, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Mu banki mkhonde yoyenda motsatira ndondomeko, mlembi sasunga ndalama. Bokosi limakhala kwa msungichuma, lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi amakhala ndi anthu atatu osiyana amene sasunga bokosilo. Ndalama zimawerengedwa ndi owerenga ndalama awiri, gulu lonse likuona. Mwini shopu wa kumudzi amazidziwa zimenezi, mwinanso akazi ake ali m'gulu lotere. Akaona kuti mlembi walemba zoti ankasunga ndalama, aganiza kuti kaya mwanayu akunama, kaya gululo linkayenda mosokonekera. Zonse ziwiri sizimuthandiza.

Ntchito yeniyeni ya mlembi ndi yokwanira kale, ndipo ndi imene shopuyo ikufuna. Pa msonkhano uliwonse amaitana mayina, amalemba kapena kudinda masheya omwe aliyense wagula m'kabuku ka membala, amalemba za thumba la zadzidzidzi padera, amalemba amene watenga ngongole, chiwongoladzanja chake ndi tsiku lobweza, amalemba zindapusa za ochedwa. Pomaliza amawonkhetsa zomwe zili m'buku n'kufananitsa ndi zomwe owerenga ndalama apeza m'mbale. Zikasiyana, gulu silibalalika mpaka cholakwika chipezeke. Kalaliki wa pashopu amachita zomwezi madzulo aliwonse, kufananitsa malisiti ndi ndalama zomwe zili m'dilowa.

Ndiye pali tsiku logawana, lomwe ndi mayeso enieni a mlembi. Amawonkhetsa masheya a anthu onse, n'kugawa ndalama zonse ndi chiwerengero cha masheyawo kuti apeze mtengo watsopano wa sheya imodzi. Tiyerekeze kuti m'gulu la mng'ono wanuyo masheya onse anali 2,640. Mukagawa K3,168,000 ndi 2,640 mupeza K1,200 pa sheya. Mayi amene anagula masheya 150 alandira K180,000, ndipo ngati ali ndi ngongole yotsala imachotsedwa pomwepo. Mwanayu ayenera kutha kufotokoza masamu amenewa pakamwa osayang'ana pepala, chifukwa akalemba za banki mkhonde, funso limeneli lidzabwera pa intavyu.

Chiwerengero cha 2,640 ndangoyerekeza ine. Atsegule buku lenileni atenge manambala a m'menemo.

Bambo Mbewe:
Mayi a Tadala mwatipatsa zofunika. Ndiye ndime yake ingathe kumveka chonchi, iye adzaiike m'Chingerezi poti ndi mmene CV zimalembedwera:

Mlembi wongodzipereka, gulu la banki mkhonde la m'mudzi wakutiwakuti, Mulanje, Febuluwale 2024 mpaka pano. Ndimalemba masheya, ngongole ndi zobweza za mamembala 22 pa msonkhano wa sabata iliyonse. Ndimafananitsa za m'buku ndi ndalama zowerengedwa msonkhano usanatseke. Ndinawerengetsa gawo la membala aliyense pogawana ndalama zoposa K3 miliyoni mu Disembala 2024. Gulu linandisankhanso kukhala mlembi mu 2025.

Mzere womalizawo alembe ngati ndi zoona. Ndi wamphamvu kuposa mawu akuti ndine wokhulupirika, chifukwa magulu amenewa amasankha atsogoleri atsopano akayamba chaka china, ndipo amayi 22 sangabwezere pampando munthu amene anawasokonezera ndalama. Dzina la gulu m'Chingerezi alembe `Village Savings and Loans group`, kuti ngakhale CV itafika ku likulu la kampani m'tauni amve chomwe chikunenedwa.

Za akauntanti zija ayi. Dzina limenelo limapita ndi maphunziro ake. Akalilemba adzafunsidwa mafunso a akauntanti, ndipo akalephera limodzi, wofunsayo ayamba kukayikira ngakhale zoona zomwe zili papepalapo.

Che Amidu:
Ine ndili ndi nkhawa ndi kulemba chiwerengero cha ndalama. Pepalalo lili ndi dzina la mudzi, likunenanso kuti amagawana mu Disembala. CV zimangoikidwa pakauntala, aliyense amaziwerenga, zina mumazipeza akulungira zitumbuwa. Mwauza anthu osawadziwa mudzi womwe muli bokosi la mamiliyoni atatu ndi mwezi womwe limadzaza. Ndalamazo si za mwanayu, ndi za amayi 22.

Mayi a Tadala:
Che Amidu mwanena zoona, ndipo miyezi yoyandikira kugawana ndi imene bokosi limakhaladi ndi ndalama zambiri, poti ngongole zimakhala zikubwezedwa ndipo zatsopano zasiya kuperekedwa. Ine ndinganene kuti apemphe kaye chilolezo kwa gulu pa msonkhano wa Lachinayi. Pa CV asatchule mudzi, angotchula dzina la gulu ndi dera la mfumu yaikulu, ndipo mwezi wogawana asaulembe.

Bambo Mbewe:
Za mudzi ndi mwezi ndavomereza, zichoke. Koma chiwerengero ndikanakonda chikhalepo, ngakhale chongoyerekeza kuti zoposa mamiliyoni atatu. Popanda icho, wowerenga sadziwa ngati linali gulu loponya K100 kapena K1,000, ndipo kusiyana kumeneko n'kumene kukumuuza kukula kwa udindo.

Che Amidu:
Ine monga munthu wa malonda, mamembala 22 sabata iliyonse kuyambira Febuluwale 2024 andikwanira. Ndalama adzanditchulira pakamwa ndikamuitana. Koma eni ake asankha.

Dalitso:
Pepani ndalowerera. Kodi maudindo ongodziperekawa amapezeka kuti, ndipo amalipira zingati pa tsiku? Inenso ndili pakhomo chimalizireni sukulu.

Aphunzitsi a ku Phalombe:
Dalitso mwanawe, pano sitikugawa malo a ntchito, tikukambirana kalembedwe ka zomwe munthu anachita kale. Koma tandiuza, chimalizireni sukulu palibe chomwe unagwirapo m'dera lanu?

Dalitso:
Chilipo aphunzitsi. Mu 2022 ndinayenda nawo khomo ndi khomo pa katemera wa poliyo, maulendo awiri, masiku anayi ulendo uliwonse. Ine ndinali wolemba, mnzanga ndi amene ankadontheza. Tinalandira alawansi, ndiye sindikudziwa ngati imeneyo ndi ntchito kapena kudzipereka. Komanso ndine mlembi wa achinyamata a chipani china kudera kwathu kuno, ndimalemba maminitsi ndi kusunga mndandanda wa mamembala. Zimenezi ndilembe?

Bambo Mbewe:
Za poliyo lemba, Dalitso. Alawansi si malipiro a ntchito yolembedwa, ndiye uike pansi pa zongodzipereka. Chofunika n'kunena nthawi yake moona: maulendo awiri a masiku anayi, miyezi yake uitchule. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'kungolemba chaka chokha, 2022, kuti zioneke ngati munthu anagwira miyezi 12. Aliyense amene anakhalapo m'zaumoyo amadziwa kuti makampeni amenewa amatenga masiku ochepa. Unene kuti unali wolemba, unkalemba ana osakwana zaka zisanu olandira katemera pa fomu ya tsiku, ndipo madzulo unkapereka kwa mlangizi wa zaumoyo amene ankakuyang'anirani. Utchule chipatala chaching'ono chomwe munali pansi pake. Usalembe kuti unagwira ntchito ku Unduna wa Zaumoyo kapena ku mabungwe akuluakulu omwe zizindikiro zawo zinali pa malaya omwe munavala. Ntchito zolemba pa kafukufuku kapena kalembera zikatuluka, masiku asanu ndi atatu amenewo ndi amene adzakulekanitse ndi anzako.

Za chipani, langizo langa ndi lakuti usalembe. Sudziwa mbali yomwe wowerenga ali, ndipo ntchito za boma ndi za mabungwe ambiri zimafuna munthu wosaonetsa mbali. Ukadzafunsira ntchito yakanthawi ya zisankho, mzere umenewo wokha ndi wokwanira kukuchotsa.

Achimwene a ku Kawale:
Apa ndiye sindikugwirizana nanu bambo. Mnyamatayu amalemba maminitsi, amasunga mayina a anthu, mwina amaitanitsa misonkhano. Luso ndi lomwelo la mlembi wa banki mkhonde. Bwanji osangolemba kuti mlembi wa gulu la achinyamata, osatchula chipanicho?

Bambo Mbewe:
Chifukwa funso lotsatira pa intavyu lidzakhala lakuti gulu lanji, ndipo ndani angatitsimikizire. Pamenepo ayenera kaya kuulula chomwe anabisa, kaya kunama. Ndi bwino luso lomwelo akalionetse kwina. Makalabu a achinyamata omwe amadziwika ku ofesi ya achinyamata ya paboma nthawi zambiri amasowa mlembi wodalirika, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi ali ndi chinthu choti alembe mosaopa.

Achimwene a ku Kawale:
Miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri kwa munthu amene akufuna ntchito lero. Ine ndikuonabe kuti kwa mwini golosale kapena hadiweya zilibe kanthu.

NaPhiri wa ku Bangwe:
Tibwerere kwa mng'ono wanga pang'ono. Za kumsasa akuti anakhalako masabata atatu mu Malichi 2023, sukulu zitatsekedwa. Ntchito yake inali kulemba mabanja omwe afika, chiwerengero cha anthu pabanja, ndi kuchonga mayina pogawa ufa ndi mabulangete. Amene anamupatsa ntchitoyo ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Katundu wina anabweretsadi a Red Cross, koma iye sanalembedwe ndi iwo. Kalata iliyonse alibe.

Aphunzitsi a ku Phalombe:
Ndiye alembe komitiyo, osati a Red Cross. Bungwe limenelo lili ndi mavolontiya ake olembetsedwa, ophunzitsidwa, odziwika ku ofesi yawo ya paboma. Foni imodzi yokha ikwana kuti zidziwike kuti dzina lake mulibe, ndipo mwana amene anagwiradi ntchito yolemetsa masabata atatu adzaoneka wabodza. Angathe kunena kuti ankachonga mayina pogawa katundu wochokera ku boma ndi ku mabungwe, zimenezo ndi zoona.

Kalata ingathe kupezeka ngakhale pano. Poti msasawo unali pa sukulu, anthu awiri anaona ntchito yake: wapampando wa komitiyo ndi mphunzitsi wamkulu wa pulayimaleyo. Apite kwa mmodzi mwa iwo atalemba kale papepala zomwe akukumbukira, masiku, ntchito yake ndi chiwerengero cha mabanja, kuti mkuluyo afananitse ndi zomwe zinalembedwa nthawi imeneyo. Akangopita chimanjamanja n'kunena kuti mundilembere kalata, adzalandira ija yakuti mwanayu ndi wa khalidwe labwino ndipo ndimamudziwa kuyambira ali wamng'ono. Kalata yotero siinena chilichonse cha ntchito. Yothandiza imatchula dzina lake monga lilili pa chiphaso cha unzika, udindo, tsiku loyamba ndi lomaliza, zomwe ankachita, kenako dzina la wolembayo, udindo wake, nambala ya foni, saini ndi chidindo. Ngati chiwerengero cha mabanja sichikupezeka paliponse, asapeke. Alembe masabata atatu ndi ntchito yake basi.

Za upulifekiti ndi chimodzimodzi. Ana ambiri amatenga kalata yaumboni ya kusukulu osaiwerenga, n'kudzazindikira mochedwa kuti udindo wawo sunatchulidwemo. Aione. Ngati mulibe, abwerere kusukulu msanga, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo pakatha zaka zitatu kapena zinayi mungapeze kuti amene ankayang'anira laibulale anachoka ndipo mphunzitsi wamkulu ndi watsopano. Pa CV asangolemba kuti pulifekiti. Anene kuti wa laibulale, Folomu 3 mpaka Folomu 4 ngati zinali choncho, ankalemba mabuku obwerekedwa ndi obwezedwa, ankatsatira osabweza, ndipo ngati ankawerenga nawo mabuku onse potseka temu anene, chifukwa pashopu kuwerenga katundu yense pakutha pa mwezi ndi ntchito yomweyo.

Mayi a Tadala:
Aphunzitsi, nanga kalata ya amfumu? Kumudzi anthu amathamangira imeneyo poti ili ndi chidindo.

Aphunzitsi a ku Phalombe:
Imathandiza kutsimikiza kuti ndi mwana wa m'mudzimo ndipo alibe mbiri yoipa, ndipo mwini shopu wa m'dera lomwelo angaikonde chifukwa akudziwa kokadandaula zinthu zikavuta. Koma amfumu sanakhalepo pa mkeka Lachinayi kuona mwanayu akuwonkhetsa masheya. Ikhale yowonjezera, isalowe m'malo mwa umboni wa amene anaona ntchitoyo.

NaPhiri wa ku Bangwe:
Apa pali vuto lina. Wapampando wa banki mkhondeyo ndi azakhali athu, ndipo dzina la bambo ndi limodzi ndi lathu. Akhale mboni yake pa CV?

Bambo Mbewe:
Ayi mayi, wachibale sakhala mboni, makamaka dzina likamafanana. Ngakhale azakhaliwo atanena zoona zokhazokha, wofunsayo sazitenga. Funsani ngati gululo linaphunzitsidwa ndi mlangizi wa bungwe lina kapena wa zachitukuko cha m'madera, amene amabwera kudzaona mabuku kapena kudzakhalapo tsiku logawana. Ameneyo ndiye mboni yabwino koposa, poti anaona buku la mwanayu ndi maso a munthu wodziwa. Ngati palibe, atenge msungichuma, bola asakhale wachibale.

Mboni zikhale zitatu, iliyonse yoona mbali yake: wa banki mkhonde, mphunzitsi wa kusekondale, ndi wa kumsasa kapena mkulu wa mpingo. Asaike atatu onse a kutchalitchi. Ndipo chinthu chomwe chimagwetsa anthu ambiri a kumudzi si bodza ayi, ndi foni. Wolemba ntchito amaimba kamodzi kapena kawiri mkati mwa tsiku, nthawi yomwe mayi uja ali kumunda, foni ili kotchajitsa kapena ili ndi mwana. Ikapanda kuyankhidwa amapita pa dzina lotsatira. Kapena imayankhidwa, munthuyo n'kufunsa kuti ndani ameneyo, chifukwa m'mudzi mwanayu amadziwika ndi dzina lina osati la pa satifiketi. Choncho apite kwa aliyense mwa atatuwo, awapemphe, awauze dzina lomwe lili pa CV, ntchito yomwe wafunsira ndi sabata yomwe foni ingabwere. Nambala iliyonse aiyese yekha asanatayipe, ndipo pomwe pali nambala ziwiri alembe zonse.

Che Amidu:
Ndiwonjezere za Sande sukulu, poti kwa ife ndi nkhani yomweyo ndi ana ophunzitsa ku madarasa. Ena amaopa kutchula chipembedzo. Ine ndimaona kuti palibe chobisa, koma chilembedwe ngati ntchito: amaphunzitsa ana angati, a zaka zingati, kangati pa sabata, kuyambira liti. Munthu amene wakhala akufika Lamlungu lililonse kwa zaka zitatu wandiuza kuti adzatsegula shopu nthawi yake. Kwaya yokha ayi, pokhapokha ngati ali msungichuma wake kapena ndi amene amasonkhetsa ndalama za yunifomu ndi za maulendo.

Achimwene a ku Kawale:
Nanga masatifiketi a maphunziro a masiku awiri kapena atatu aja, a za Edzi Toto, a za chilengedwe, amene ana amalandira kusukulu? Ine ndimati afotokope onse amangirire kumbuyo.

Bambo Mbewe:
Amangirire zomwe apemphedwa, satifiketi ya MSCE ndi chiphaso ngati achifuna, kuphatikizapo kalata imodzi kapena ziwiri zotsimikiza maudindo omwe ali pamwamba. Enawo apite nawo mu envelopu tsiku la intavyu. Satifiketi yosonyeza kuti munthu anakhala nawo pa maphunziro imanena kuti analipo, siinena kuti anachitapo chiyani pambuyo pake. Koma ngati gulu la banki mkhonde linaphunzitsidwa kalembedwe ka mabuku ndipo iye ali ndi pepala lake, limenelo lokha lipite limodzi ndi CV.

Kalata yofunsira ntchito nayo isabwereze CV yonse. Ndime imodzi yokha itenge mawu a pa chidziwitso cha ntchito chija, akuti wogwirapo ntchito ya ndalama kapena ya mabuku, n'kuyankha kuti sindinalembedwepo ntchito yolipidwa, koma kuyambira Febuluwale 2024 ndimalemba mabuku a gulu la anthu 22 sabata iliyonse. Kunena yekha poyamba kuti inali yosalipidwa kumachotsa chikayiko chisanabwere.

NaPhiri wa ku Bangwe:
Ndamuwerengera zonse pafoni. Mlangizi alipo, amabwera tsiku logawana, ndiye amufunafuna mawa. Wafunsa chinthu chimodzi. Akuti mu Juni chaka chatha buku linasiyana ndi ndalama ndi K5,000, anakhala mpaka mdima, n'kupeza kuti iye yemwe analemba kawiri masheya asanu a mayi wina, m'kabuku kamodzi koma m'buku lalikulu kawiri. Akuopa kuti mlangiziyo akafunsidwa adzaitchula nkhaniyi.

Mayi a Tadala:
Asaope, ndipo asapemphe mlangiziyo kuti abise. Pa CV sailemba, koma pa intavyu ya ntchito ya ndalama kawirikawiri amafunsa kuti ungatani ndalama zitapanda kugwirizana ndi buku. Ana ambiri amayankha kuti sizingachitike chifukwa ndine wosamala, ndipo aliyense amene anagwirapo ndalama amadziwa kuti zimachitika. Iye ali ndi yankho lenileni. Afotokoze mwadongosolo mmene anachitira: ndalama zinawerengedwanso anthu onse akuona, kenako anatenga timabuku ta mamembala kamodzikamodzi kufananitsa ndi buku lalikulu, mpaka anapeza mzere wolembedwa kawiri, anaukhwatcha ndi mzere umodzi osafufuta, wapampando n'kusainira pambali. Ngati sanasainitse tsiku limenelo asanene kuti anasainitsa, angonena zomwe zinachitika ndi chomwe anasintha kuyambira pamenepo. K5,000 ndi masheya asanu enieni, ndipo kusiyana kukakhala kofanana ndendende ndi zomwe munthu mmodzi amaponya, mlembi wozolowera amayamba wayang'ana mzere wobwerezedwa kapena wodumphidwa asanaganize zoti wina watenga.

Dalitso:
Mlangizi wa zaumoyo amene ankatiyang'anira pa poliyo uja anasamutsidwa, ndipo nambala yake ndilibe. Ndiike ndani?

Aphunzitsi a ku Phalombe:
Pita pa chipatala chomwecho ufunse mkulu wa alangizi a zaumoyo. Mavolontiya olandira alawansi amasainira pa mndandanda, ndiye mwina dzina lako lingapezeke, kapena angakupatse nambala ya amene anasamukayo. Upite m'mawa tsiku lomwe si la sikelo, utanyamula chiphaso chako ndi miyezi ya maulendo awiriwo utailemba papepala.

NaPhiri wa ku Bangwe:
Tsiku lotseka kulandira makalata ndi Lachisanu, ndipo gulu likumana Lachinayi, ndiye za chiwerengero cha ndalama akafunsa amayiwo tsiku limenelo. Atayipitsa mapepala awiri, lina lokhala ndi chiwerengero lina lopanda, kuti Lachisanu m'mawa angonyamula lomwe amayiwo avomereza.